Anthu awiri, chiganizo chimodzi: pamene nambala ya kapa imasocheretsa

Tengani chiganizo ichi mukawerengere anzanu awiri, aliyense payekha: "Msilikali uja anafera dziko lake." Mukatero, muwafunse kuti mawu akuti "dziko lake" akugwira ntchito yanji pamenepo. Mmodzi akuuzani kuti dziko ndi limene linapindula ndi imfayo, monga mmene ana amapindulira mayi akawaphikira nsima. Winayo akana, anena kuti dziko ndi chifukwa chimene munthuyo anafera, monga timanenera kuti wakuba anafera mbuzi ya eni. Onse awiri Chichewa anachita kuyamwira, ndipo palibe amene walawa kachasu. Koma asiyana.

Pali anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi imeneyi. Amapatsidwa nkhokwe ya ziganizo zikwizikwi zotengedwa m'manyuzipepala kapena m'mabuku, ndipo pa mneni aliyense amafunsa: wachita ndani, wachita chiyani, wachitira yani, ndi chiyani, kuti, liti? Yankho lililonse amaliika chizindikiro. Uyu ndi wochita, ichi ndi chochitidwa, uyu ndi wochitiridwa, ichi ndi chida, awa ndi malo. Zizindikiro zimenezi ndi zimene akatswiri a zinenero amazitcha maudindo a mawu m'chiganizo, ndipo anthu oziikawo ndiziwatcha ochonga, popeza ntchito yawo imafanana ndi ya aphunzitsi ochonga mayeso. Nkhokwe ikachongedwa, amaphunzitsira makompyuta kumva chiganizo, komanso amayesera ngati kompyutayo yamvadi.

Musasokoneze maudindo amenewa ndi mwininkhani ndi pamtherankhani amene tinaphunzira kusukulu. M'chiganizo chakuti "Mayi anaphika nsima," mwininkhani ndi mayi. Tikatembenuza n'kunena kuti "Nsima inaphikidwa ndi mayi," mwininkhani wasanduka nsima, koma wogwira mthiko akadali mayi yemwe uja. Udindo umatsata chochitikacho, osati malo amene mawu akhala. Maganizo amenewa ndi akale kwambiri. Panini, katswiri wa chinenero cha Sansikiriti ku India, anawalongosola zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo Charles Fillmore wa ku America anawadzutsanso mu 1968.

Chichewa chili ndi pogwirira anthu mwendo pa nkhani imeneyi, ndipo ndi msintho womuchitira uja wa -ir- ndi -er-. "Anaphikira ana" ndi wochitiridwa. "Anaphikira nkhuni zaziwisi" ndi chida. "Anaphikira panja" ndi malo. Kaphatikizo n'kamodzi, maudindo atatu, ndipo "kufera" kuja kwawonjezera wachinayi. N'chifukwa chake akatswiri monga Sam Mchombo, Mmalawi amene ankaphunzitsa ku yunivesite ya California ku Berkeley, pamodzi ndi Joan Bresnan, Alex Alsina ndi Mark Baker, analemba zambiri za aneni a Chichewa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ngati akatswiri anakangana pa ziganizo zochita kusankha, kuli bwanji ochonga awiri amene akuthamangitsana ndi ziganizo mazanamazana pa sabata?

Ndiye funso limabwera: tidziwa bwanji kuti zizindikiro za m'nkhokwe n'zodalirika? Palibe pepala la mayankho lobisika m'kabati ya ahedi. Chimene chilipo n'kupereka ziganizo zomwezo kwa anthu awiri, aliyense achonge osaonera mnzake, kenako n'kuwerenga kuti agwirizana kangati.

Matola a mwayi

Kuwerenga kwa mtundu umenewu kuli ndi chilema chimodzi. Anthu awiri akhoza kugwirizana maso ali chitsinzire. Ngati funso lili lakuti "mawu awa ndi wochita kapena ayi," ndipo aliyense akuyankha "inde" pa theka la mawu mongolota, adzakumanabe pa theka la mayankho awo: kamodzi pa kanayi onse adzati inde, kamodzi pa kanayi onse adzati ayi. Kugwirizana kwa 50 pa 100 kotereku sikunachokere m'mutu mwa munthu. Ndi mwayi chabe.

Mu 1960 Jacob Cohen, katswiri wa maphunziro a zamaganizo pa yunivesite ya New York, anasindikiza njira yochotsera mwayi umenewu. Muyeso wake anautcha dzina la chilembo cha Chigiriki, kapa. Masamu ake ndi afupi:

```
κ = (Po − Pe) / (1 − Pe)
```

Po ndi gawo la mayankho amene anthu awiriwo agwirizanadi. Pe ndi gawo limene akanagwirizana mwamwayi, ndipo limawerengedwa kuchokera pa kuchuluka kwa "inde" ndi "ayi" wa aliyense.

Ine ndimaziona ngati ulendo wa makilomita 100. Mwayi ndi galimoto ya matola imene yakutengani kwaulere n'kukutsitsani penapake. Kapa sakufunsa kuti mwafika pati. Akufunsa kuti pa mtunda umene unatsala mutatsika matola, ndi wochuluka bwanji umene mwayenda ndi miyendo yanu. Mukafika kumapeto, kapa ndi 1. Mukaima pomwe matola anakutsitsani, kapa ndi 0.

Tiyerekeze, ndi manambala ongopeka kuti tione mmene masamuwa amayendera. Ochonga awiri apatsidwa mawu 100. Pa 45 onse ati ndi wochita, pa 45 ena onse ati si wochita, pa 5 woyamba yekha wati inde, ndipo pa 5 otsala wachiwiri yekha wati inde. Agwirizana pa 90. Aliyense wanena inde ka 50, choncho matola awatsitsa pa 50. Panatsala 50, iwo ayenda 40. Gawani 40 ndi 50, mupeza 0.80.

Muyeso umenewu unazika mizu poyamba kwa madokotala ndi akatswiri a zamaganizo, amene ankafuna kudziwa ngati anthu awiri oyeza wodwala mmodzi akupeza nthenda imodzi. Kwa anthu ochonga zinenero pakompyuta unatchuka mu 1996, pamene Jean Carletta wa ku yunivesite ya Edinburgh anadzudzula anzake kuti akulengeza maperesenti a kugwirizana osachotsapo mwayi. Anabwerekanso malire a Klaus Krippendorff: kupitirira 0.80 ndi bwino, pakati pa 0.67 ndi 0.80 mukhoza kunenapo kanthu koma mosamala. Ena amatsata malire a Landis ndi Koch a mu 1977, amene amati kuyambira 0.61 mpaka 0.80 kugwirizanako n'kokwanira ndithu. Eni akewo anavomereza pomwepo kuti mizere imeneyi anangoilemba mwa kuona kwawo, koma anthu anatola mizereyo n'kusiya chenjezolo pansi.

Ochonga omwewo, nambala ina

Tsopano tibwerere kwa ochonga athu awiri aja. Tisawasinthe luso, tisawasinthe malangizo. Tingowasinthira funso: mawu awa ndi chida kapena ayi? Chida ndi udindo wosowa. Pafupifupi chiganizo chilichonse chili ndi wochita, koma mukhoza kuwerenga ndime yathunthu osapeza pamene atchula khasu, mpeni kapena cholembera.

Tinene kuti pa mawu 100 pali zida zenizeni 5 zokha, ndipo onse awiri azipeza zonse. Koma aliyense amaterereka kamodzi pa mawu 20, monga anachitira poyamba paja, ndiye aliyense waikanso chizindikiro cha chida pa mawu 5 ena pamene mnzake sanaike. Pa 85 otsala onse ati ayi. Kugwirizana kukadali 90 pa 100, kusiyana kukadali 10. Palibe chasintha pa ntchito ya manja awo.

Chasintha ndi matola. Aliyense wanena "ayi" ka 90 ndi "inde" ka 10. Anthu awiri amene pakamwa pawo pamangotuluka "ayi" sangalephere kukumana: mwayi wakuti onse anene ayi ndi 81 pa 100, wakuti onse anene inde ndi 1 pa 100, pamodzi 82. Matola awatsitsa pa 82, patsala 18, iwo ayenda 8. Kapa wagwa kufika pa 0.44. Mwini ntchito akangoona nambala imeneyi akhoza kuitanitsa msonkhano n'kuyamba kukalipira anthu amene dzulo lomweli anawayamikira pa 0.80.

Alvan Feinstein ndi Domenic Cicchetti a ku yunivesite ya Yale analemba za msampha umenewu mu 1990, akunena za madokotala oyeza matenda osowa: kugwirizana kumakhala kwakukulu, kapa n'kukhala wotsika. Pa maudindo a mawu msamphawu suchoka, chifukwa maudindo sagawika mofanana m'chinenero chilichonse. Wochita ndi chochitidwa amadzaza nkhokwe, enawo amangooneka mwa apo ndi apo.

Komabe tisafulumire kumuweruza kapa kuti ndi wabodza. Pali choona chimene 0.44 akunena. Pa mawu 10 amene woyamba anawatcha chida, wachiwiri anavomereza 5 okha. Ngati inu mukufuna nkhokweyo kuti muphunzire za zida, theka la zimene mupezemo n'zokayikitsa, ndipo 90 pa 100 uja ndi amene akanakupusitsani. Vuto la kapa n'lakuti wasakaniza nkhani ziwiri m'mbale imodzi: luso la ochonga, ndi kusowa kwa udindo umene akuufunafuna. Kuchokera pa nambala imodziyo simungadziwe kuti chachititsa ndi chiti. Ndiye kutenga kapa wa nkhokwe ya nkhani za kukhoti n'kumufanizira ndi kapa wa nkhokwe ya malangizo a ulimi, kumene makasu, zikwanje ndi makheni zili mbwee, ndi kufanizira chimanga choyezedwa pa masikelo awiri osiyana.

Cicchetti ndi Feinstein analangiza kuti anthu azilengeza manambala awiri: kugwirizana pa "inde" ndi kugwirizana pa "ayi". M'chitsanzo chathu, pa inde ndi 50 pa 100, pa ayi ndi 94 pa 100. Aliyense akaona awiriwa amva nthawi yomweyo pamene nsapato ikuthina.

Pali kanthu kenanso kamene kamabwera ndi udindo wosowa. Nambala yake imagwedezeka ngati bwato la munthu mmodzi. Ochonga athu akanangogwirizana pa mawu ena awiri okha kuti ndi zida, kapa akanalumpha kuchoka pa 0.44 kufika pa 0.59. M'chitsanzo choyamba chija, mawu awiri omwewo akanamusuntha kuchoka pa 0.80 kufika pa 0.84 basi. Munthu akakuuzani kapa wa udindo wosowa, mufunseni kuti udindowo unapezeka kangati.

Pamene wina wapendekera mbali imodzi

Msampha wachiwiri ndiupitirira msanga, ngakhale ndi wodabwitsa. Tibwerere kwa msilikali uja. Ochonga akusankha pakati pa wochitiridwa ndi chifukwa pa ziganizo 100 za mtundu wa "kufera", "kulirira" ndi "kumenyera". Agwirizana pa 70, theka uku theka uko. Ngati pa 30 zotsalazo kusiyana kwagawika pakati, 15 mbali iyi ndi 15 mbali inayo, kapa ndi 0.40. Koma ngati pa zonse 30 woyamba akuti wochitiridwa pamene wachiwiri akuti chifukwa, kapa wa Cohen amakwera kufika pa 0.45.

Taganizani. Anthu awiri amene akumva malangizo mosiyana kotheratu alandira malikisi ochuluka kuposa anthu ongoterereka mwa apo ndi apo. Chachititsa n'chakuti Cohen amawerengera mwayi kuchokera pa chizolowezi cha munthu aliyense payekha, ndipo anthu a zizolowezi zosiyana sayembekezeka kukumana kawirikawiri, choncho matola amawatsitsa msanga. Muyeso wa William Scott wa mu 1955, wotchedwa payi, umaphatikiza zizolowezi za onse awiri, ndipo pa zitsanzo ziwirizi umapereka 0.40 konsekonse. Chosokoneza n'chakuti mabuku ena amagwiritsa ntchito masamu a mtundu wa Scott koma n'kumawatchabe kapa. Barbara Di Eugenio ndi Michael Glass anakumbutsa anthu za chisokonezo chimenechi mu 2004. Dzina limodzi, miyeso iwiri.

Kwa woyang'anira ntchito, kusiyana kopendekera mbali imodzi ndi nkhani yabwino yobisala. Kumasonyeza kuti pali lamulo limodzi limene silinalembedwe bwino, ndipo mukalikonza, ziganizo 30 zonse zimagwa pamodzi. Koma zimenezi simungazione pa kapa. Mumazionera pa tebulo losonyeza kuti pamene uyu ananena chakuti, mnzake ananena chiyani.

Tikuwerenga chiyani kwenikweni?

Msampha wachitatu ndi umene uli wakewake wa ntchito ya maudindo, ndipo kwa ine ndi waukulu kuposa yonse.

Dokotala akamayeza odwala 100, palibe mkangano pa nambala ya odwala. Ali pabenchi, mukhoza kuwawerenga ndi chala. Wochonga maudindo sapatsidwa mndandanda wotero. Amapatsidwa chiganizo, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kupeza yekha kuti ndi mawu ati amene ali ndi udindo pa mneniyo, ayambira pati, athera pati. Kutchula dzina la udindowo ndi ntchito yachiwiri. Pa ntchito yoyamba ija, kapa amafuna kudziwa kuti ndi malo angati pamene onse awiri anati "pano palibe kanthu." Nanga malo opanda kanthu mungawawerenge bwanji? Liwu lililonse? Gulu lililonse la mawu? Kaphatikizo kalikonse?

Onani zimene zimachitika. Ochonga awiri agwirizana pa maudindo 80. Woyamba wapezanso 20 amene mnzake sanawaone, wachiwirinso 20 ake. Ntchito yatha, zolembera zaikidwa pansi. Wowerengera woyamba akuti malo oyenera kuganiziridwa anali 200, choncho opanda kanthu ndi 80. Kugwirizana ndi 80 pa 100, mwayi ndi 50, kapa ndi 0.60. Wowerengera wachiwiri akuti ayi, tiwerenge magulu onse a mawu m'ziganizozo, ndipo akwana 1,000, choncho opanda kanthu ndi 880. Kugwirizana kwakwera kufika pa 96 pa 100, mwayi pa 82, kapa ndi 0.78. Palibe chizindikiro n'chimodzi chomwe chimene chasinthidwa. Koma ntchito imene inali pansi pa mzere wa 0.67 uja tsopano yaulumpha, ndipo lipoti likhoza kupita kwa opereka ndalama nkhope ili gwa.

George Hripcsak ndi Adam Rothschild a ku yunivesite ya Columbia anasonyeza mu 2005 kuti mukapitiriza kuchulukitsa malo opanda kanthu, kapa amayandikira nambala ina yake n'kuima. Nambala imeneyo ndi kugwirizana pa "inde" kuja, kumene anthu a makompyuta amakulemba kuti F1. Mumachulukitsa kawiri maudindo amene onse agwirizana, n'kugawa ndi maudindo onse amene aliyense anapeza: 160 kugawa ndi 200, yankho 0.80. Ubwino wake ndi wakuti sakufunsani za malo opanda kanthu. Choipa chake n'chakuti sachotsa mwayi, ngakhale pa ntchito yofufuza malire a mawu m'chiganizo chachitali mwayi wongokumana mwangozi umakhala wochepa ndithu.

M'Chichewa funso la "tikuwerenga chiyani" limakula kuposa m'Chingerezi. Liwu limodzi lakuti "anawaphikira" lanyamula wochita mu a-, wochitiridwa mu -wa-, ndi mneni yemwe. Bresnan ndi Mchombo ananena mu 1987 kuti kaphatikizo konga -wa- kameneka ndi mlowam'malo weniweni wolowa mkati mwa mneni. Ngati ndi choncho, m'chiganizo chakuti "Mayi anawaphikira ana nsima," chizindikiro cha wochitiridwa chipite pa -wa- kapena pa "ana"? Wochonga wina aika apa, wina apo, onse akumva chiganizo mofanana ndendende, ndipo masamu awalemba kuti asemphana kawiri. Aliyense amene angafune kuchonga nkhokwe ya Chichewa ayenera kumanga mfundo imeneyi tsiku loyamba, asanatchule n'komwe za kapa.

Zimene anachita a PropBank

Nkhokwe yodziwika kwambiri ya mtundu umenewu ndi PropBank, imene inakonzedwa pa yunivesite ya Pennsylvania ku America. Anatenga nkhani za m'nyuzipepala ya Wall Street Journal, mawu pafupifupi 1 miliyoni amene anali atagawidwa kale m'magulu ndi ntchito ina yotchedwa Penn Treebank. M'malo motchula maudindo ndi maina, anawapatsa manambala. Arg0 kawirikawiri ndi wochita, Arg1 ndi chochitidwa, ndipo kuyambira Arg2 kupita m'tsogolo tanthauzo limadalira mneni: mneni aliyense ali ndi tsamba lake lolongosola maudindo ake. Zowonjezera monga nthawi, malo ndi kachitidwe anaziika m'gulu la ArgM. Ziganizo zinkachongedwa ndi anthu awiri, ndipo pamene asiyana, wina ankagamula.

Martha Palmer, Daniel Gildea ndi Paul Kingsbury atalengeza zotsatira mu 2005, anachita chinthu choyenera kutengera: analekanitsa ntchito ziwiri zija. Pa kupeza kuti ndi gulu liti la mawu limene lili ndi udindo, kugwirizana kunali 0.99, mwayi 0.89, kapa 0.93. Pa kutchula dzina la udindo, kugwirizana kunali 0.95, mwayi 0.27, kapa 0.93. Makapa awiri ofanana ngati mapasa, koma maulendo ake osiyana kutalitali. Woyamba matola anawatsitsa pa 89, chifukwa ankawerenga nthambi iliyonse ya chiganizo, ndipo zambiri mwa nthambizo n'zoonekeratu kuti zilibe udindo. Wachiwiri anatsika pa 27 n'kuyenda mtunda wautali okha.

Wowerenga wokonda masamu akayesa 0.99 ndi 0.89 apeza 0.91, osati 0.93. Si kulakwitsa. Manambala osindikizidwawo ndi odulidwa, ndipo pamene mtunda wotsala uli 11 yekha, kachidutswa kakang'ono kotayika podula kamasuntha kapa moonekera. Kugwirizana kukanakhala 0.98, kapa akanatsikira pa 0.82. Onaninso kuti a PropBank anatha kuwerenga malo opanda kanthu chifukwa chakuti anali ndi ziganizo zogawidwa kale m'nthambi. Chinenero chimene chilibe nkhokwe yotero sichingabwereke 0.93 ameneyu ngati muyezo wake.

Ngakhale 0.27 uja ine ndimamuyang'ana ndi diso limodzi. Masamu a mwayi amaganiza kuti wochonga wolota akhoza kutola chizindikiro chilichonse m'thumba n'kuchiika paliponse. Koma wochonga weniweni ali ndi tsamba la mneni patsogolo pake. Ngati mneni ali ndi maudindo awiri okha, ngakhale munthu watulo sangaike Arg4. Mwayi weniweni wogwirizana pamenepo ndi waukulu kuposa umene masamu akuwerengera, ndiye kapa amawapatsa ochonga makilomita ena amene anayenda ali pagalimoto. Komanso nambala imodzi ya maudindo onse pamodzi imalamulidwa ndi Arg0 ndi Arg1, amene ndi ochuluka komanso osavuta. Maudindo osowa akhoza kukhala ali pamoto kuseri kwa nyumba, khonde likuwala.

Kapa alinso ndi khalidwe loona kusiyana kulikonse mofanana. Wochonga amene watcha malo pamene mnzake watcha kolowera, monga mu "anathawira kumunda," waphonya pang'ono. Amene watcha wochita pamene mnzake watcha chochitidwa wasandutsa wakuba kukhala woberedwa. Kapa wamba amawadula malikisi ofanana. Cohen yemwe anakonza kapa wolemeretsa zolakwa zina kuposa zinzake mu 1968, ndipo alifa wa Krippendorff amalolanso zimenezi, kuphatikizapo ochonga oposa awiri ndi ziganizo zimene ena sanazichonge. Koma wina ayenera kugamula kuti kuphonya uku n'kolemera bwanji poyerekeza ndi uko, ndipo chigamulo chimenecho si masamu, ndi maganizo a munthu.

Kugwirizana si kulondola

Chotsala n'chimene masamu alionse sangachione. Anthu awiri akhoza kugwirizana pa cholakwa. Taonani chiganizo chakuti "Pakhomo pafika alendo." Mneni wagwirizana ndi "pakhomo", ndipo mawu amenewa ali kumayambiriro, pamalo pamene wochita amakonda kukhala. Bresnan ndi Jonni Kanerva analemba nkhani yaitali yokhudza ziganizo zotere za Chichewa mu 1989. Ngati malangizo a ochonga anangomasuliridwa kuchokera ku chinenero china n'kunena kuti mwininkhani wa mneni wa kuyenda ndiye woyendayo, ochonga awiri omvera adzalemba kuti khomo ndi limene lafika, onse awiri, chiganizo ndi chiganizo. Kapa adzakhala wokongola zedi.

Zimachitikanso pamene kompyuta yayamba yaika zizindikiro, anthu n'kumangokonza pambuyo. A PropBank anachita zimenezi pofuna kufulumiza ntchito, ndipo ambiri amatero. Koma munthu akatopa, chimene wachipeza chitalembedwa kale amachisiya. Awiri akasiya cholakwa chimodzimodzi, agwirizana, koma agwirizana ndi makina, osati wina ndi mnzake. N'chimodzimodzi ochonga amene amakhala tebulo limodzi n'kumafunsana kuti, "Achimwene, apa mwaika chiyani?" Kufunsana n'kwabwino pophunzira ntchito ndi pokonza malangizo. Pa ziganizo zoyesera kugwirizana n'kuonera mayeso. Ndipo kapa wowerengedwa pambuyo pa kukambirana ndi kugamula sakuyeza kanthu: muyeso uyenera kutengedwa aliyense asanaone pepala la mnzake.

Nanga msilikali uja? Pali ziganizo zina zimene kusiyana kwake si kulakwitsa kwa munthu, ndi mmene chinenerocho chilili. "Anafera dziko lake" chimanyamuladi matanthauzo onse awiri, ndipo lamulo lokakamiza ochonga kusankha limodzi lidzakweza kapa, koma lidzafufuta chinthu choona chokhudza Chichewa. N'chifukwa chake ena masiku ano amasunga mayankho a ochonga onse m'nkhokwe m'malo mosiya limodzi logamulidwa.

Choncho, owerenga, tsiku lina mukadzamva wophunzira wa ku yunivesite kapena wa bungwe lina akunyadira kuti nkhokwe yawo ili ndi kapa wa 0.85, musadzaombe m'manja msanga, ndipo akadzati 0.45 musadzapukuse mutu. Mudzamufunse kuti anawerenga mawu, magulu a mawu kapena timaphatikizo, kuti mwayi unali pati, ndiponso kuti wochitiridwa ndi chida anapeza zingati paokha. Kenako mudzamupemphe tebulo lija losonyeza pamene ochonga anasemphana, pamodzi ndi ziganizo khumi mwa zimenezo, mudzawerenge nokha.